Pulogalamu yoyang'anira malire pa 0.25 peresenti pachaka: ndilipire kapena ndizilinganiza ndekha?

Tadala: Akuluakulu, ndili ndi madola 100,000, masheya 60 peresenti, mabondi 40. Broka akuti ndikalipira 0.25 peresenti pachaka, pulogalamu yawo iziyang'ana tsiku lililonse n'kubweza magawo m'malo mwake akapatuka ndi mapointi 5, omwe ndiwo malire ake. Akuti imachepetsa ndalama zogulira ndi kugulitsira kusiyana ndi kulinganiza motsata kalendala. Ndi yoyenera kugula?

Mayi Nyirenda: Tiyambe tawerengera, a Tadala. Kuti masheya achoke pa 60 kufika pa 65 peresenti, mabondi ali pomwepo, ayenera kukwera pafupifupi 24 peresenti. Kuti atsike kufika pa 55, ayenera kugwa pafupifupi 18.5. Zimenezi sizichitika mwezi uliwonse, ndipo chaka chikhoza kutha malirewo osakhudzidwa n'komwe.

Tinene kuti akwera 25 peresenti. Masheya afika 75,000, mabondi akadali 40,000, zonse 115,000, ndiye masheya ali pa 65.2. Kuti mubwerere pa 60, masheya ayenera kukhala 69,000. Mugulitsa a 6,000 n'kugula mabondi a 6,000. Tiyerekeze kuti komishoni ndi madola 5 pa oda iliyonse, ndiye 10. Palinso mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, umene pa oda iliyonse mumataya theka lake. Ngati thekalo ndi 0.05 peresenti, pa 12,000 yomwe yayenda mwataya 6. Zonse pamodzi 16.

Pulogalamuyo pa 115,000 ikulandani madola 287.50 chaka chimenecho, ndipo izidzalanda ndithu ngakhale chaka chimene sinagwire ntchito iliyonse. Ngakhale munthu wolinganiza mwezi ndi mwezi amalipira komishoni ya 120 yokha pachaka. Ndiye chimene akuti akupulumutsirani n'chochepa kuposa chimene akukulipiritsani.

Chisomo_K: Ine sindikumvetsa. Mtengo ukangotsika ndi 5 peresenti pulogalamuyo imagulitsa kuti musaluze zambiri? Ngati ndi choncho ndi yabwino bwanji.

Mayi Nyirenda: Ayi achemwali, imeneyo ndi nkhani ina. Mapointi 5 amenewa ndi a gawo la masheya m'thumba lonse, osati a mtengo. Ndipo masheya akagwa kwambiri pulogalamuyi imagula ena, sigulitsa.

Bambo Gondwe: Mayi Nyirenda, mwawerengera bwino koma mwasiya phindu la kuyang'ana tsiku lililonse. Mu 2020, S&P 500, yomwe imaonetsa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, inagwa pafupifupi 34 peresenti kuyambira pa 19 Febuluwale kufika pa 23 Malichi, koma chaka chinatha ili pamwamba kuposa pomwe inayambira. Wa 60/40 anatsikira cha m'ma 50 peresenti. Wamalire anagula masheya otchipa nthawi imeneyo. Wodikira Disembala sanaone kalikonse, mwayi unam'dutsa. Malire amapambana kalendala nthawi zonse, ndipo phindu la ulendo umodzi wotero limalipira pulogalamuyo zaka zambiri.

Mayi Nyirenda: Za 2020 mwanena zoona, bambo, koma mawu oti "nthawi zonse" ndikuwakana. Chaka chimenecho msika unagwa n'kudzuka msanga, ndipo apo ndi pomwe malire amachita bwino. Taonani kuyambira Okutobala 2007 kufika Malichi 2009, pamene masheya omwewo anagwa kupitirira theka mwapang'onopang'ono. Wamalire anagula atagwa koyamba, n'kugwanso, n'kugulanso, ulendo uliwonse akugulitsa mabondi kuti agule chinthu chomwe chinali kutsikabe. Wolinganiza kamodzi pachaka anagula kochepa panjira yotsikayo. Palibe amadziwiratu kuti kugwa kukubweraku kudzakhala kwa mtundu uti.

China, malire amakutumani kumsika pa tsiku loipitsitsa. Pakati pa Malichi 2020 mpata wa mitengo uja unakula, ndipo ma ETF ena akuluakulu a mabondi, omwe ndi mitolo ya mabondi yogulitsidwa pamsika ngati masheya, ankagulitsidwa motsika ndi maperesenti angapo kuyerekeza ndi mtengo wa mabondi amene anali m'kati mwake. Amenewo ndiwo wamalire ankayenera kugulitsa. Ndiye 0.05 peresenti ya tsiku labata musaiyike pa tsiku la chipwirikiti. Wakalendala amagula ndi kugulitsa kawirikawiri, koma masiku ambiri amakhala abata.

Yohane M.: Nonse mukulimbana ndi komishoni pomwe chodula kwambiri ndi msonkho, ngati akauntiyo ndi yokhomeredwa msonkho wa phindu. M'chitsanzo chija, pa 75,000 phindu ndi 15,000, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu. Mukagulitsa a 6,000, phindu lotuluka ndi 1,200. Msonkho utakhala 15 peresenti, mwalipira 180, kuposa 16 ija kakhumi ndi kupitirira. M'maiko ena, monga ku America, phindu la zomwe mwasunga osapitirira chaka limakhomeredwa kwambiri kuposa la zokhalitsa. Funsani broka ngati pulogalamuyo imasankha masheya oti igulitse poyang'ana tsiku ndi mtengo womwe munagulira. Ngati imangogulitsa aliwonse, ikhoza kukuwonongerani pamenepo.

Funsaninso kuti imabweza mpaka pati. Kubwerera pa 62.5 m'malo mwa 60 kumafuna kugulitsa 3,125 yokha, ndipo msonkho umatsikira cha pa 94. Kuipa kwake n'koti mwatsala pafupi ndi malire, ndiye mukhoza kuwakhudzanso posachedwa. Ngati komishoni yanu ndi yokhazikika pa oda iliyonse, bwererani mpaka pa 60 kuti maulendo achepe. Ngati zolipira zanu zimakula ndi kukula kwa oda, kubweza pang'ono n'kwabwino.

Tadala: Nanga poti mwezi uliwonse ndimaonjezera ndalama, zisintha kanthu?

Yohane M.: Zisintha kwambiri. Ndalama zatsopano ndi madividendi muziika kumbali yomwe yachepa. Pa 75,000 ndi 40,000 paja, kuika 10,000 m'mabondi kukubwezani pa 60/40 osagulitsa kalikonse, osalipira msonkho. Mwina simungaipeze yonse nthawi imodzi, komabe zoonjezera za mwezi ndi mwezi zimachedwetsa kufika pamalire.

Bambo Gondwe: Chabwino, pa magawo awiri okha ndavomera. Koma munthu wa magawo asanu ndi atatu, ena ang'onoang'ono, sangakwanitse pamanja. Gawo la 5 peresenti liyenera kufika pa 10 kapena kutheratu kuti mapointi 5 alizindikire. N'chifukwa chake Larry Swedroe, mlembi wa mabuku a za masheya ndi mabondi, amalimbikitsa lamulo la 5/25: mapointi 5 pa magawo akuluakulu, koma pa ang'onoang'ono 25 peresenti ya gawolo. La 5 peresenti limakhala pakati pa 3.75 ndi 6.25. Kutsatira zonsezo ndi ntchito, ndipo ambiri msika ukagwa amachita mantha osagula ayi. Pulogalamu ilibe mantha.

Mayi Nyirenda: Za manthazo ndi zenizeni, ndipo kwa munthu amene akudziwa kuti dzanja lidzanjenjemera, mwina mtengowo ndi woyenera. Koma kuwerengera kokha sikufuna 0.25 peresenti. Ikani mtengo wa gawo lililonse mu `B`, cholinga chake mu `C`, 60 peresenti muilembe `0.6`, ndipo mzere uwu ukuuzani ngati mwadutsa malire:

```
=ABS(B2/SUM(B$2:B$9)-C2)>MIN(0.05,0.25*C2)
```

Muziyang'ana kamodzi pamwezi, n'kuchitapo kanthu pokhapokha ikalemba `TRUE`. Kuyang'ana n'kwaulere, cholipira ndi oda. A Tadala, kwa inu wa magawo awiri amene mukuonjezerabe ndalama, musagule. Mukadzachitapo kanthu, ikani oda yokhala ndi malire a mtengo, ndipo pewani mphindi zoyambirira msika utangotsegulidwa pamene mpata wa mitengo umakhala waukulu.

Bambo Gondwe: Kamodzi pamwezi mukanadumpha 23 Malichi uja. Ine ndikuti kuyang'ana pafupipafupi kuli ndi phindu lake.

Tadala: Zikomo nonse. Ndiyamba ndafunsa broka ngati 0.25 imeneyo ikuphatikiza komishoni, komanso ngati ndingathe kusankha ndekha pobwerera, 60 kapena 62.5.