Mpira ukudumphadumpha pa kanema wa kasitomala, netiweki ili bwinobwino

Wamadishi wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndaikira kasitomala wa bala Fire TV Stick pa kanema wa mainchesi 55, wa 4K. Mafilimu akuoneka bwino, koma mpira wa ku Mangalande ukayamba, kamera ikamatsata mpira chithunzi chikumachita ngati chikukodwa pang'onopang'ono. Sichikuima, mawu sakudukanso. Bwana wa bala akuti ndibweze ndalama.

Mjomba wa ku Mangochi: Ndi bando imeneyo achimwene. Loweruka madzulo aliyense ali pa intaneti. Sunthani rauta ifike pafupi.

Wamadishi wa ku Ndirande: Rauta ili pansi pa kanema pomwepo mjomba. Ngakhale m'mawa, poonera masewero obwereza, zikuchitikabe chimodzimodzi.

Mayi wa magemu, Area 25: Ikani pa nambala yaikulu basi. Ine ma PlayStation anga onse ali pa 60Hz ndipo anyamata sadandaula. Mwina kasitikiko kadzitsitsa kokha.

Mkulu wokonza makanema, Limbe: Amayi mwanena zoona pa magemu, chifukwa magemu amatulutsa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, ndiye 60Hz imawakwana ndendende. Mpira ndi nkhani ina. Ku Ulaya, ngati kuno kwathu, amaulutsa pa 50Hz. Kasitiki kakakhala pa 60Hz, kamayenera kudzaza malo 60 ndi zithunzi 50 zokha, choncho pa zithunzi zisanu zilizonse kamabwereza chimodzi. Ndiye kuti kakhumi pa sekondi iliyonse mpira umaima kanthawi kochepetsetsa kenako nkupitirira. Diso silingawerenge, koma limaona kuti sukuyenda myaa.

Kusiyanitsa ndi vuto la netiweki nkosavuta. Netiweki ikafooka chithunzi chimachita mabokosimabokosi, nkhope za osewera zimafufutika, kenako kamabwera kachizungulire kaja. Zanuzi chithunzi chimakhala chakuthwa, kukodwako kumabwera mwa ndondomeko yofanana. Yang'anitsitsani pamene goloboyi wamenya mpira wautali, kapena mawu oyenda m'munsi mwa kanema.

Lowani apa:

```
Settings > Display & Sounds > Display > Video Resolution
```

Chotsani pa Auto, musankhe 1080p 50Hz. Kanema azima masekondi angapo nkubwerera. Onerani mphindi zisanu mutiuze.

Wamadishi wa ku Ndirande: Koma akulu, munthu anagula kanema wa 4K, ine ndimuike pa 1080p? Akaona pakona palembedwa 1080 andidya wamoyo.

Mkulu wokonza makanema, Limbe: Mpira umene akuonerawo ukubwera wa 4K? Nthawi zambiri umafika wa 1080 kapena 720. Wina ayenera kuukulitsa kuti udzaze galasi, kaya kasitiki kaya kanema mwiniwake, ndipo palibe chimene mwataya. Ngati pa mndandandawo pali 2160p 50Hz, yesani, koma onani kaye bowo limene mwalowetsamo. Bowo la HDMI 1.4 limanyamula 4K mpaka 30Hz basi, ndipo zithunzi 50 kuzipanikiza m'malo 30 ndiye kudumpha kwenikweni, kuposa kumene mukudandaulaku. Makanema ena bowo limakhala labwino koma lotsekedwa mpaka mutayatsa nokha: pa LG amati HDMI Ultra HD Deep Colour, pa Samsung Input Signal Plus. Dinani batani la Info pa rimoti ya kanema, ambiri amaonetsa chimene akulandira.

Mjomba wa ku Mangochi: Poti mwatchula za kuzima. Ine ndinachotsa PS4 pa kanema wamkulu nkukaika pa kakang'ono ka mainchesi 32, kakungoti Mode not supported. Nanga ndisintha bwanji osaona kanthu?

Mayi wa magemu, Area 25: Imeneyo ndimakumana nayo. Zimitsani kotheratu, gwirani batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, lumikizani padi ndi chingwe cha USB, musankhe Change Resolution. Idzuka pa 480p, kenako musankhe 720p. Timakanema tambiri ta 32 galasi lake ndi la 1366x768, musalimbane ndi zazikulu.

Mkulu wokonza makanema, Limbe: Pa kasitiki zikatero, gwirani pamodzi batani lokwera ndi la Rewind pa rimoti yake masekondi asanu, kayamba kuyesa makulidwe limodzilimodzi mpaka chithunzi chioneke.

Wamadishi wa ku Ndirande: Ndabwerako. Pa 1080p 50Hz mpira ukuyenda bwino, bwana wakhala chete. Info inkaonetsa 60Hz poyamba paja. Koma masana amaonetsa mavidiyo anyimbo ndi mafilimu, ena tsopano ndi amene akukodwa. Azisintha tsiku lililonse?

Mkulu wokonza makanema, Limbe: Pamalo omwewo pali Match Original Frame Rate, yoti kasitiki kazisintha kokha malinga ndi chimene chikuonetsedwa. Vuto lake imagwira pa mapulogalamu okhawo amene anakonzedwa kuti aziimvera, ndipo kanema amaphethira nthawi iliyonse ikasintha. Yatsani muyese ndi pulogalamu imene akuonerapo mpirayo.

Mayi wa magemu, Area 25: Ine ndikanangosiya pa 50. Pa bala anthu amalipirira mpira, filimu ya masana akuonera ndani? Mukaphunzitsa woperekera mowa kulowa mu Settings, Loweruka akuimbirani kuti kanema wada.

Wamadishi wa ku Ndirande: Ndiyesa kaye ya Match ija mawa masana bala isanadzaze. Ikakana ndisiya pa 50, rimoti ndipereke kwa bwana.