Mayankho atatu a NPV pa ndalama zomwezo: ndalama yoyamba ikhale mkati kapena kunja kwa fomula?

Nachisale

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikupempha thandizo kwa amene amagwiritsa ntchito NPV mu Excel, fomula yowerengera phindu pobweza ndalama za m'tsogolo ku mtengo wake wa lero, chifukwa kuntchito kwathu anthu atatu tawerengera ndalama zomwezo koma aliyense wapeza yankho lake. Tikufuna kugula makina a 100,000, ndipo ndalamayo tilipira yonse lero. Tikuyembekezera kuti makinawo adzabweretsa 30,000 pakutha pa chaka choyamba, 40,000 pakutha pa chachiwiri, 50,000 pakutha pa chachitatu ndi 20,000 pakutha pa chachinayi. Chiwongoladzanja chimene tikuwerengera ndi 10 peresenti pachaka ndipo chili mu B1. Mtengo wa makina uli mu B2 ngati -100000, ndipo ndalama zolowazo zili mu B3 mpaka B6. Mafomula athu ndi awa:

```
=NPV(B1,B2:B6)
=B2+NPV(B1,B3:B6)
=B2+B3+NPV(B1,B4:B6)
```

Yoyamba ikupereka 10,505.99, yachiwiri imene ndi yanga ikupereka 11,556.59, ndipo yachitatu ikupereka 22,712.25. Mwini wa fomula yachitatu akunena kuti anaphunzitsidwa kuti ndalama yoyamba pa mndandanda siyichepetsedwa, choncho iyenera kukhala kunja nthawi zonse, ndipo kwa iwo mndandanda wa zolowa ukuyambira pa 30,000 popeza mtengo wa makina amauona ngati mpamba umene uli pawokha. Lipoti likupita kwa akuluakulu a kampani, ndipo sindikufuna kuwapatsa nambala imene sindingathe kuiteteza atandifunsa. Kodi yolondola ndi iti, nanga ndingawaonetse bwanji anzangawo popanda kungoti mundikhulupirire?

Bambo Mwale

Mayi Nachisale, anzanuwo sanalakwe kwenikweni. Nanenso ndinaphunzira kuti yoyamba imakhala kunja, chifukwa NPV ya Excel imachepetsa nambala iliyonse imene mwaiika mkati, kuphatikizapo yoyambirira. Amene walakwa poyera ndi mwini wa fomula yoyamba, amene wachepetsa mtengo wa makina ngati kuti mudzalipira chaka chamawa. Pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, ine ndikuona kuti zikutengera mmene munthu anazolowerera kukonza tebulo lake.

Mayi Chirwa

Bambo Mwale, zimene mwanena zokhudza fomula yoyamba ndi zoona, koma pa mawu anu omaliza ndiloleni ndisiyane nanu, chifukwa chizolowezi cha munthu sichingasinthe tsiku limene ndalama ikulowa. Yolondola pa nkhani imene Mayi Nachisale afotokoza ndi yachiwiri yokha, ya 11,556.59.

Musanatsutsane ndi aliyense, Mayi Nachisale, aitaneni anzanuwo pa kompyuta imodzi ndipo mulembe izi mu selo yopanda kanthu:

```
=NPV(10%,110)
```

Excel ikupatsani 100. Yagawa 110 ndi 1.1, kusonyeza kuti nambala yoyamba imene ili mkati mwa fomula imaitenga ngati ndalama yobwera pakutha pa chaka chimodzi kuchokera lero. Yachiwiri imaigawa ndi 1.21, yachitatu ndi 1.331, ndipo imapitiriza choncho mpaka pa yomaliza. Fomulayi siyiona madeti ndiponso siyiwerenga mitu imene mwalemba pambali pa manambala. Imangowerenga malo a nambala pa mndandanda, ndipo malo oyamba kwa iyo ndi chaka choyamba.

Tsopano werengerani pamanja. 30,000 mukaigawa ndi 1.1 mupeza 27,272.73, 40,000 mukaigawa ndi 1.21 mupeza 33,057.85, 50,000 mukaigawa ndi 1.331 mupeza 37,565.74, ndipo 20,000 mukaigawa ndi 1.4641 mupeza 13,660.27. Zonse pamodzi ndi 111,556.59, ndipo mukachotsapo 100,000 imene ikutuluka lero, yomwe siyifunika kugawidwa ndi chilichonse, patsala 11,556.59.

Lamulo limene mnzanu wa fomula yachitatu anaphunzitsidwa linali kunena za ndalama ya lero, imene m'zitsanzo zambiri za m'kalasi imakhalanso yoyamba pa mndandanda, n'chifukwa chake anthu ambiri amangokumbukira mawu akuti yoyamba. Iwo atulutsa 30,000 imene ikubwera patatha chaka chathunthu n'kuiwerengera ngati ili kale m'manja. Vuto silinathere pa 30,000 yokhayo. Popeza B4 ndiyo yakhala yoyamba mkati mwa fomula, 40,000 ya chaka chachiwiri yagawidwa ndi 1.1 m'malo mwa 1.21, ndipo zotsatira zonse zasendera kufupi ndi chaka chimodzi. Zolowa zonse zakwera kuchoka pa 111,556.59 kufika pa 122,712.25, pamene mtengo wa makina wakhala pomwepo, ndipo n'chifukwa chake phindu likuoneka ngati lawirikiza pafupifupi kawiri.

Bambo Mwale

Ndamva, mayi, ndipo ndayesa fomula ya 110 ija yaperekadi 100. Komabe pa nkhani iyi mayankho onse atatu ali pamwamba pa ziro, ndiye chigamulo n'chimodzimodzi, makina agulidwe. Kodi kusiyanaku kuli ndi ntchito yaikulu chonchi?

Mayi Chirwa

Pa manambala awa chigamulo sichisintha, koma zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti timvetsetsane bwino. Fomula yoyamba imagawa chilichonse ndi 1.1 yowonjezera, zolowa ndi zotuluka zomwe, choncho yankho lake ndi lolondola lija logawidwa ndi 1.1. Yesani kuchulukitsa 10,505.99 ndi 1.1, mubwerera pa 11,556.59. Cholakwa chimenechi chimachepetsa kukula kwa yankho koma sichingasandutse kuluza kukhala phindu.

Fomula yachitatu imakweza zolowa zokha, ndipo ikhoza kutembenuza chigamulo. Sinthani B2 ikhale -115000, ngati kuti wogulitsa wakweza mtengo. Fomula yolondola ipereka -3,443.41, kutanthauza kuti makinawo sakubweza ndalama yake pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti, pamene yachitatu ipereka 7,712.25 ndipo ilimbikitsa akuluakulu kuti agule. Ine ndimaiopa kwambiri yachitatuyi chifukwa imalakwira kumbali imene aliyense amasangalala nayo, ndipo nambala yosangalatsa anthu sachedwa kuivomereza popanda kuifufuza.

Tiyamike

Pepani kulowerera, akuluakulu. Inenso NPV yanga ikusiyana ndi imene ndikupeza pamanja, ngakhale kuti mpamba ndauika kunja monga mmene Mayi Chirwa anenera. Mu tebulo langa chaka chachiwiri mulibe ndalama yolowa chifukwa tidzakhala tikukonza makina, ndiye selo imeneyo ndaisiya yopanda kanthu. Kodi ndi vuto lomweli?

Mayi Chirwa

A Tiyamike, lanu ndi lina ngakhale kuti gwero lake ndi limodzi. NPV imadumpha selo yopanda kanthu, ndipo imadumphanso selo imene muli mawu kapena kamzere kolembedwa ngati mawu, kenako nambala yotsatira imatenga malo a chaka chodumphidwacho. Titatenga manambala a Mayi Nachisale n'kufufuta 40,000, zolowa zikhala 83,621.34 selo ikakhala yopanda kanthu, koma zikhala 78,498.74 mukalembamo 0, ndipo yachiwiriyi ndiyo yolondola. Lembanimo 0, Excel siyikuchenjezani yokha.

Bambo Gondwe

Ine ndinasiya kalekale kugwiritsa ntchito NPV pa zifukwa zomwezi. Ikani madeti mu A2 mpaka A6, kenako mulembe fomula iyi, ndipo simudzafunikanso kuganiza za chimene chikhale kunja:

```
=XNPV(B1,B2:B6,A2:A6)
```

Mayi Chirwa

Malangizo a Bambo Gondwe ndi abwino pamene madeti enieni akudziwika, koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa. XNPV imabweza ndalama zonse ku deti loyamba la pa mndandanda, choncho nambala yoyamba siyichepetsedwa, zomwe ndi zosemphana ndi zimene NPV imachita. Munthu amene anazolowera kusiya mpamba kunja akalemba B2 kuphatikiza XNPV ya B3 mpaka B6, ndiye kuti 30,000 ija yatsalanso yosachepetsedwa ndipo wabwerera pafupi ndi 22,712.25 kudzera njira ina. Chachiwiri, XNPV imawerenga masiku n'kuwagawa ndi 365, ndiye zaka zinayi zikadutsa pa chaka cha masiku 366 yankho lidzasiyana pang'ono ndi 11,556.59, ndipo kusiyana kumeneko sikusonyeza kuti wina walakwa.

Bambo Gondwe

Ndikuvomereza zimenezo. Koma ndili ndi funso kwa Mayi Nachisale limene palibe amene walifunsa. Kodi 30,000 imeneyi idzabweradi tsiku limodzi pakutha pa chaka? Makina amabweretsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo ngati ndi choncho, mnzanu wa fomula yachitatu ali ndi mfundo pang'ono, chifukwa ndalama ya mwezi woyamba siyinadikire chaka chathunthu.

Nachisale

Zikomo nonse, makamaka Mayi Chirwa, chifukwa chitsanzo cha -115000 ndi chimene ndikawaonetse anzangawo. Bambo Gondwe, funso lanu landigwira. Ndalamazo zimalowadi mwezi ndi mwezi, ndipo tinaziika pakutha pa chaka chifukwa bajeti yathu imakonzedwa pachaka. Kodi zikatero fomula yachitatu imakhala yolondola?

Mayi Chirwa

Ayi mayi, fomula yachitatu ikanakhala yolondola chikhala kuti ndalama ya chaka chilichonse imalowa yonse kumayambiriro kwa chakacho, monga mmene zimakhalira ndi lendi yolipiriratu, ndipo zikatero 30,000 ikanakhaladi ndalama ya lero. Ndalama yolowa pang'onopang'ono chaka chonse ili pakati pa mafomula awiriwo. Akauntanti ena amaitenga ngati yalowa pakati pa chaka, ndipo amalemba motere:

```
=B2+NPV(B1,B3:B6)*(1+B1)^0.5
```

Pa manambala anu ipereka pafupifupi 17,002. Onetsetsani kuti kuchulukitsako kukukhudza gawo la NPV lokha, B2 ikhale kunja kwake. Ineyo mu lipoti ndikanaika 11,556.59 ngati yankho lalikulu, popeza ndi losamala ndiponso likugwirizana ndi mmene bajeti yanu inakonzedwera, kenako n'kulemba pansi pake kuti ndalama zatengedwa ngati zikulowa pakutha pa chaka chilichonse.

Bambo Gondwe

Pamenepa ndikusiyana nanu, mayi. Ngati tikudziwa kuti ndalama imalowa mwezi ndi mwezi, kuiika pakutha pa chaka kumachepetsa phindu ndi ndalama yoposa 5,000 pa nkhani iyi, ndipo pulojekiti ina yabwino ikhoza kukanidwa chifukwa cha kusamala kumeneko. Ine ndikanakonza tebulo la miyezi 48 ndi madeti ake n'kugwiritsa ntchito XNPV. Mayi Nachisale, kodi manambala a mwezi uliwonse muli nawo, kapena muli ndi a pachaka okha? Ngati malonda anu amachuluka kumapeto kwa chaka, ngakhale njira ya pakati pa chaka ija ikhoza kukweza phindu mopitirira, ndipo manambala a miyeziwo ndi amene angatisonyeze kuti yankho lili kufupi ndi 11,556.59 kapena ndi 17,002.