Za holo ya ukwati wa Okutobala

Achemwali aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwerako ku holo kuja ku Area 47, andipatsa koteshoni. Zonse pamodzi ndi K3,800,000. Holo K900,000 ndi mipando 300, dekoleshoni K1,100,000, chakudya K12,000 mbale imodzi ndiye ndawerengera anthu 150, yakwana K1,800,000

Malume: Zikomo mwana wanga. Koma mipando 300 mbale 150, enawo azingoyang'ana anzawo akudya?

Achemwali aakulu: Ayi malume, 150 ndi a nkhomaliro tikangochoka kutchalitchi, akwati, operekeza, ankhoswe, makolo ndi abale ambali zonse ziwiri, olowa ndi khadi. Obwera ku pelekanipelekani masana aja tiwakonzera tokha timapaketi, samusa ndi chakumwa, zimenezo sizili mu koteshoni

Azakhali: Mbale ya K12,000 muli chani? Ndifunse poti ukwati wa mwana wanga tinangomva kuti chakudya chilipo, tsikulo nkhuku inali kanthuli kamodzi anthu awiri

Achemwali aakulu: Mpunga kapena nsima, nkhuku nthuli imodzi, nyama ya ng'ombe, masamba, saladi ndi botolo limodzi la chakumwa. Madzi akumwa mulibe azakhali, tigula ife

Azakhali: Azilembe choncho pa pepala, nthuli imodzi munthu mmodzi. Ndipo pakhomo paime munthu wolimba mtima wotenga makadi chifukwa iwo amawerenga mbale zomwe zatuluka osati mayina omwe tawapatsa, akalowa 180 ndiye kuti 30 enawo ndi K360,000 yoonjezera tsiku lomwelo

Mlamu: Nanga dipoziti akuti bwanji achemwali

Achemwali aakulu: Apa ndiye mumvetsetse bwino chifukwa nanenso zinandisokoneza, madipoziti alipo awiri. Yoyamba ndi yosungitsa tsiku, theka la ndalama zonse, K1,900,000. Imeneyi imachotsedwa pa K3,800,000 ija, ndiye yotsala K1,900,000 tizamalize kutatsala masiku 14. Yachiwiri ndi K200,000 ya zinthu zikawonongeka, iyi ndi yapadera siili mu K3,800,000, amabweza pakatha sabata ngati sipanasweke matambula kapena kuthyoka mpando

Mlamu: Ndiye zoona zake tikuyenera kupeza K4,000,000 ukwati usanachitike

Achemwali aakulu: Eya ndendende, ngakhale 200 ijayo izabwerera

Achimwene a ku Joni: Pepani ndinali ku ntchito ndangowerenga pano. Funso langa, sitikufuna zoipa koma patagwa zovuta, maliro kapena matenda, 1.9 yathuyo ibwera?

Achemwali aakulu: Ndinafunsa achimwene. Tikalepheretsa kutatsala masiku oposa 60 abweza theka, K950,000. Akachepera 60 sabweza kalikonse, akuti amakhala atakana kale makasitomala ena. Koma kusuntha tsiku amalola kamodzi osalipira, bola tsiku latsopanolo likhale lopanda munthu

Achimwene a ku Joni: Chiganizo chosuntha tsikucho chikhale mu kontirakiti, asangonena pakamwa. China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi K12,000 ija, Okutobala ndi kutali ndipo mafuta ophikira ndi nkhuku zikungokwera, tikapereka dipoziti mtengo wa mbale utsekedwa kapena azatiuza zina mwezi womaliza? Ikangofika 14,000 pa anthu 150 ndi K300,000 ina yomwe palibe waikonzekera

Achemwali aakulu: Pansi pa koteshoni alemba kuti mitengoyi ndi ya masiku 14 okha, za kutseka mtengo sanalembe. Mawa ndibwererako, ndikawauza kuti dipoziti tipereka pokhapokha alembe kuti K12,000 sisintha

Malume: Wachita bwino. Ukafunsenso nthawi yotseka, pelekanipelekani wa kwathu sathera pa ola lomwe mwapangana, a mpingo akavina, a kuntchito akavina, a kumudzi nawonso

Achemwali aakulu: Holo ndi yathu mpaka 6 koloko madzulo malume, kupitirira apo ndi K80,000 ola lililonse ndipo amangodula pa K200,000 ija. Jenereta ilipo koma dizilo ndi wathu

Azakhali: Dekoleshoni ya 1.1 miliyoni yandikulira ine, chilimo ndi chani

Achemwali aakulu: Tebulo la akwati ndi nsalu ya kumbuyo kwake, kapeti yolowera, tebulo la keke, nsalu zovindikira mipando yonse 300 ndi maluwa apulasitiki. Akuti tikavindikira mipando 100 yakutsogolo yokha atsitsa, mtengo wake anditumizira mawa. Kubweretsa wokongoletsa wathu salola

Mlamu: MC, DJ, keke ndi ojambula mulibemo eti

Achemwali aakulu: Mulibe mlamu, imeneyo ndi bajeti ina

Malume: Chabwino. Ine ndiimbira ankhoswe akuchimuna usiku uno, dipoziti tigawane pakati, K950,000 mbali iliyonse. Ndalamayo ipite ku akaunti ya banki ya holoyo osati pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu wogwira ntchito pamenepo, ndipo risiti uyijambule uyiponye muno

Achimwene a ku Joni: Ine ndiika K400,000 Lachisanu, koma ndione kaye pepala losainidwa lija

Achemwali aakulu: Mawa 10 koloko ndili komweko, azakhali tipitire limodzi mukaone khitchini yawo