Kodi irregardless ndi mawu enieni kapena abwana akunena zoona?

Abale anga thandizeni. Mu lipoti la ku ntchito ndinalemba kuti tipitiliza kumanga "irregardless of the rains", abwana adula mawuwo ndi bolopeni yofiira nkulemba m'mbali kuti m'Chingerezi mulibe zimenezo. Koma nditasaka pa foni ndawapeza mu dikishonale ya Merriam-Webster, alimo ndithu. Nde akulondola ndani? Ndikawaonetse kapena ndingosintha? Zikundiwawa chifukwa ndimawamva kwa anthu ophunzira omwe.

Bambo a Tadala: Abwana anu akulondola achimwene. ir- akutanthauza kukana, -less nayenso kukana, ndekuti mwakana kawiri. Mawu otero sangakhale enieni.

Mayi Nachisale: Bambo a Tadala, za kukana kawirizo nzoona koma palibe amene amamva irregardless nkuganiza zosemphana, aliyense amadziwa kuti ndi regardless yemweyo. Zikuoneka kuti anthu anangosakaniza irrespective ndi regardless pakamwa. Ndipo si za lero, a Merriam-Webster amati anayamba kuoneka m'zolembedwa mu 1795, mu dikishonale yawo yaikulu analowa mu 1934, mu 2020 anthu anangokwiya pa intaneti poganiza kuti angowaika kumene. Olemba dikishonale sakhala pansi nkumavota kuti mawu awa ndi okongola. Amawerenga manyuzi, mabuku, zokamba za anthu, nkumasunga ziganizo zomwe mawuwo apezekamo, kenako amaona ngati akugwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, kwa nthawi yaitali, komanso ndi tanthauzo lodziwika. Akakwanitsa zimenezo amalowa basi, kaya aphunzitsi akuwakonda kaya ayi. Koma inu ofunsa bwererani pa foni paja muone bwino, pambali pa mawuwo alembapo nonstandard, ndekuti anthu amayankhuladi koma olemba mosamala ambiri amawakana, ndipo eni dikishonale okha akulangiza kuti gwiritsani regardless. Nde abwana aphonya ponena kuti kulibe, koma podula sanalakwe.

Chikondi wa ku Ndirande: Ine wanga ali folomu 4, akalemba zimenezi pa MSCE amuchonga??

Mayi Nachisale: Asayerekeze mwanawe, pa mayeso, kalata yofunsira ntchito, lipoti, alembe regardless kapena irrespective. ain't nayenso alimo mu dikishonale koma simungamuike mu kompozishoni.

Bambo a Tadala: Chabwino mayi, koma amene amagamula kuti ichi nonstandard ndani? Ngati akungotsata anthu, mawa aliyense akamalemba irregardless adzachotsa chizindikirocho?

Mayi Nachisale: Atha kuchotsa ngati atayamba kupezeka kwambiri m'zolembedwa zomwe zadutsa m'manja mwa akonzi, umboni wawo waukulu ndi umenewo. Koma padutsa zaka zoposa 200 sizinachitike.

Bambo a Tadala: Ine ndikuonabe kuti kungowaika m'buku ndi kumene kukusokoneza ana.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndasintha ndaika regardless. Koma zoti "kulibe" zija ndikufunabe kuwaonetsa, kaya ndiyambira pati osaoneka wamwano.