Msonkho pa malo amasiye omwe tinagulitsa, thandizeni

Abale ndithandizeni, mutu wanga sukugwira. Bambo ndi mayi anatisiyira puloti kuno ku Lilongwe cha ku Area 25, tinasintha mapepala a lizi kubwera mdzina langa kenako chaka chatha ndinagulitsa ndalama tinagawana ana anayi, pano kwabwera kalata ya a MRA akuti ndilipire msonkho wa phindu lomwe ndapeza pogulitsapo ndipo andipatsa tsiku lomaliza.

Chomwe chikundipweteka nchakuti awerengera ngati ndalama yonse ndi phindu, pomwe makolo anagula malowo ndi ndalama zawo, kungoti malisiti anasowa kalekale. Ndiye mtengo woyambira amatenga uti, womwe anagulira bambo kapena mtengo wa malowo nthawi yomwe amamwalira? Nanga kugwa kwa kwacha amakuwerengera? Fensi yomwe tinamanga, ndalama ya loya ndi ya ejenti zingachotsedwe?

Komanso kalatayo yabwera mdzina langa ndekha pomwe anzanga atatu anadya kale gawo lawo. Amene munakumanapo nazo, munalemba kalata yotsutsa musanalipire kapena mumayamba mwalipira kaye? Ndiyambire kwa akauntanti kapena kwa loya?