Kugulitsa masheya obwereka: n'chifukwa chiyani amati kuluza kwake kulibe malire?

Atate ake Chisomo, Kabwata: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimagula masheya a makampani a ku America kudzera pa foni, ndipo dzulo ndinaona batani lolembedwa kuti `Sell Short`, pansi pake pali chenjezo lakuti munthu angaluze ndalama mopanda malire. Ine ndimadziwa kuti ukagula sheya kampani n'kugwa, umaluza zimene unaikamo basi. Nanga apa zikusiyana pati?

Amai a salaula, Kamwala: Ndiyesa ndi kugulitsa motchipa kuti katundu atuluke msanga, monga timachitira zovala zikakhalitsa. Ngati ndi choncho, simungaluze kuposa mtengo umene munagulira.

Agogo a ku Chelston: Ayi amai, apa munthu amagulitsa chinthu chimene si chake. Atate ake Chisomo, yerekezani kuti mwabwereka matumba 10 a chimanga kwa mnansi wanu, mwakagulitsa ku msika wa Soweto, ndipo mwalonjeza kuti mudzabweza matumba 10 omwewo, osati ndalama. Chimanga chikatsika mtengo mudzagula motchipa, mudzabweza, zotsalazo n'kukhala zanu. Koma kukagwa chilala, mnansiyo adzafunabe matumba ake, kaya thumba lafika pa mtengo wanji.

Pa masheya ndi chimodzimodzi, kungoti wokupezerani obwerekawo ndi kampani imene muli nayo akaunti. Tinene kuti mwabwereka masheya 100 n'kuwagulitsa pa madola 20 iliyonse, mwalandira madola 2,000. Mtengo ukatsika kufika pa 12, muwagulanso ndi madola 1,200, muwabweza, mwapindula 800. Kampani ya masheyawo itati ife, mtengo n'kufika pa 0, phindu lanu lingakhale 2,000, ndipo pamenepo ndiye pothera, chifukwa mtengo sutsika kupitirira 0. Tsopano tembenuzani. Mtengo ukakwera kufika pa 60 mufunika madola 6,000 kuti mubweze masheya a eni ake, mwaluza 4,000. Ukafika pa 200, mwaluza 18,000. Palibe nambala imene mungaloze n'kunena kuti mtengo sungadutse apa, ndipo ndicho chimene chenjezo lija likunena. Wogula ali ndi pansi pogwera, pamene wobwereka alibe denga lomuteteza.

Musaiwalenso kuti tsiku lililonse limene simunabweze mumalipira chiwongoladzanja cha kubwerekako, ndipo kampani ikagawa phindu kwa eni masheya, ndinu amene mumalipira mwini wake gawo lakelo.

Wa maakaunti, Matero: Agogo afotokoza bwino, koma zoti palibe malire n'zapapepala chabe. Kuti akulole kuchita zimenezi uyenera kuika chikole, ndipo ku America chimayambira pa theka la mtengo wa zimene wagulitsa, ndiye kuti madola 1,000 pa chitsanzo chawo. Mtengo ukayamba kukwera amakuuza kuti uwonjezere chikole, ukalephera amagula okha masheyawo n'kutseka nkhani. Mukhozanso kuikiratu `stop` pa 25, ndiye kuti lamulo lakuti akugulireni masheyawo mtengo ukangofika pamenepo. Choncho simungaluze kuposa chikole chanu.

Agogo a ku Chelston: Mwalondola pa za chikole, mwana wanga, koma mawu anu omalizawo ndi amene amagwetsa anthu m'ngongole. Mtengo sukwera ngati munthu wokwera masitepe, umadumpha. Msika ukhoza kutseka sheya ili pa 22, usiku n'kumveka kuti kampani ina ikufuna kugula kampaniyo, m'mawa n'kutsegula pa 45. `stop` yanu ya pa 25 idzagwira ntchito ndithu, koma idzagula pa mtengo umene ulipo, 45. Mwaluza madola 2,500 pamene chikole chinali 1,000, ndipo 1,500 otsalawo ndi ngongole imene adzakulondolani nayo.

Choopsa china n'chakuti obwereka akachuluka pa sheya imodzi amapwetekana okhaokha, pakuti aliyense amene wakakamizidwa kugula amakweza mtengo, ndipo kukwerako kumakakamiza mnzake kugulanso. Zinatero ndi GameStop, kampani ya ku America yogulitsa masewera a pavidiyo, mu Januwale 2021: mweziwo unayamba sheya ili pansi pa madola 20, koma pa 28 Januwale inakhudza madola 483. Masheya 100 aja, wowagula pa mphindi imeneyo akanalipira madola 48,300, atalandira osakwana 2,000.

Wa maakaunti, Matero: Koma patangopita masiku ochepa mtengowo unagwanso kwambiri, ndiye amene anapirira sanaluze zonsezo.

Agogo a ku Chelston: Anapirira ndi amene anali ndi ndalama zowonjezera chikole tsiku ndi tsiku. Amene zinawathera anatulutsidwa mtengo uli pamwamba, ngakhale kuti maganizo awo pa kampaniyo mwina anali olondola.

Atate ake Chisomo, Kabwata: Zikomo kwambiri agogo, za matumba zija zandilowa. Ndatsegula pangano limene ndinavomera osawerenga, ndipo ndapezamo mawu akuti `negative balance`. Kodi alipo pano amene akaunti yake inatsikapo pansi pa 0, atiuze mmene anamulipitsira ali kuno ku Zambia?