Ana akuwerenga "tinha fechado" ngati "anatsekedwa", ndiwachotse bwanji pamenepa?

NaPhiri, Ulongwe: Aphunzitsi anzanga thandizeni, mutu waima. Ndalemba pa bolodi chiganizo cha Chipwitikizi chakuti "A Maria tinha fechado a porta", kalasi yonse akuti Maria anatsekedwa pakhomo. Chaka chatha wina anawauza kuti -ado ndi -ido ndiye -dwa wathu, pano akangoona -ado basi munthuyo wachitidwa kanthu. Mayeso ali pafupi.

aBanda, Tsangano: Koma sanawanamize amayi. Fechado, chotsekedwa. Vendido, chogulitsidwa. Lamulo ndi lomwelo.

aMbewe, Domwe: Limagwira theka, achimwene. Ana ayambe ayang'ana mneni amene ali kutsogolo. Akakhala ter, Maria ndiye wotseka, ndipo fechado sasintha ngakhale zitseko zikhale khumi: "tinha fechado as portas". Akakhala ser, chitseko ndicho chachitidwa, ndipo mawuwo amatsata dzina: "a porta foi fechada", "as portas foram fechadas". Lembani ziganizozi pamodzi, afunseni kuti watseka ndani, musanatchule lamulo lililonse. Mu "porta fechada" mulibe mneni wothandiza, fechada wangokhala mfotokozi, chitseko chotseka.

aBanda: Chotsekedwa. Mwaona, -dwa wabweranso.

aMbewe: Kunyumba kwanu mumati nyama yootchedwa? Tonse timati nyama yootcha, mbatata yophika, koma nyama siotcha kanthu. Pa Chipwitikizi ndi "carne assada". Ndiye cansado ndi wotopa, -dwa ali pati?

NaNgozo, Furankungo: Ine chinandivuta ndi preso. Mwana anamasulira "o preso fugiu" kuti womanga wathawa, nkhani yonse inatembenuka, wapolisi ndiye anakhala wothawa. Apa preso ndi dzina, womangidwa. Chenjeraninso ndi aneni a mapasawa: "tinha prendido" koma "foi preso", "tinha matado" koma "foi morto". Musawaphunzitse sabata imodzi ndi za fechado, asokonezeka.

aZulu, Mowatize: Ngati vuto ndi wochita, apatseni -nte. Estudante wophunzira, ouvinte womvera. Zatha.

NaNgozo: Funso silinali limenelo bambo, komanso -nte ndi msampha. Wo- wathu amalowa pa mneni aliyense n'kunyamula chochitidwa chake: mayi wogulitsa tomato. Mwana akatengera zimenezo alemba "vendente tomate", pamene zoyenera ndi "vendedora de tomate" kapena "que vende tomate". Mawu a -nte aloweze amene alipo kale, asamapange awo.

aBanda: Zonsezo ndamva, koma mwana wa kalasi 6 amafuna lamulo limodzi logwira. Ine -dwa sindimusiya, zotsalazo akazipeza ku sekondale.

aMbewe: Ndiye amene akufika kwa ife ku sekondale akulemba "elas tinham chegadas". Kuchotsa a ndi s amenewo kumatidyera miyezi.